Makolo kapena mizimu? Zimene mphwanga anaphunzira polemba mndandanda wa mabuku

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ali m'chaka chomaliza ku koleji, ndipo kafukufuku wake ndi wa mmene anthu a mu Africa amalemekezera makolo awo amene anamwalira. Aphunzitsi ake anamuuza kuti asanalembe ngakhale mutu woyamba, abweretse kaye mndandanda wa mabuku amene adzagwiritse ntchito, ndipo pansi pa buku lililonse pakhale ndemanga yakeyake. Loweruka lina anandipeza pakhonde atanyamula mapepala anayi.

"Amalume, mungondionerako ngati Chingerezi chake chili bwino," anatero.

Chingerezicho chinalibe vuto. Mabuku analipo 12, mayina a olemba atandandalikidwa bwino motsata afabeti, zaka zonse zilipo. Koma nditawerenga ndemanga zitatu zoyambirira ndinaona kuti ndikuwerenga chinthu chimodzi chomwecho chongosinthidwa malaya: bukuli likufotokoza za chipembedzo cha makolo mu Africa, wolemba wafotokoza momveka bwino, lidzandithandiza pa kafukufuku wanga. Ndinaphimba mitu ya mabuku ndi dzanja n'kumuwerengera ndemanga imodzi mokweza.

"Tandiuza, iyi ndi ya buku liti?"

Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, kenako anaseka. Sanathe kudziwa, chikhalirecho anailemba yekha.

Mayeso amenewa aliyense angayese. Ndemanga imene mungaichotse pansi pa buku ili n'kuiika pansi pa buku lija popanda wina kuzindikira, ndiye kuti sinanene kanthu. Kawirikawiri imakhala yochokera pachikuto cha kumbuyo kapena pa mawu oyamba, mwini wake asanatsegule mkati. Ndemanga yeniyeni ndi yaifupi, mawu 100 mpaka 200 amakwana, koma imakhala ndi ntchito yoti igwire: kunena mfundo imene wolemba akuikira kumbuyo, umboni umene waimirirapo, pamene akupunduka, ndi pamene bukulo lidzalowe m'kafukufuku wanu. Pa mitu ina zimenezi n'zokwanira. Pa mutu wa makolo akufa n'zoperewera, chifukwa olemba ake sagwirizana ngakhale pa mawu awiri amene apanga mutuwo. Ena akuti Aafirika amapembedza makolo, ena akuti amangowalemekeza. Ena akuti pali gulu la akufa lotchedwa makolo, ena akuti gulu limenelo analibweretsa ndi azungu m'masutikesi mwawo. Wophunzira amene sanaone mkangano umenewu adzasakaniza anthu otsutsana m'chiganizo chimodzi ngati akuimba nyimbo imodzi.

Tinayamba ndi buku limene linali pamwamba pa mtima wake, la John Mbiti, lotchedwa African Religions and Philosophy, limene linatuluka mu 1969. Palibe wophunzira za chipembedzo m'dera lathu lino amene sanaligwirepo. Mbiti anali wa ku Kenya, wa mtundu wa Akamba, wansembe wa mpingo wa Angilikani, ndipo ankaphunzitsa ku Makerere. Mfundo yake yodziwika ndi yoti munthu akamwalira sachoka nthawi yomweyo. Amakhala wakufa koma wamoyobe, malinga ngati alipo munthu amene anamudziwa ndipo amamutchula dzina. Pakadutsa mibadwo inayi kapena isanu, womukumbukira womaliza akamwaliranso, iye amalowa m'gulu la mizimu yopanda mayina. Mbiti amakananso kuti kuthira mowa pansi kapena kusiyira akufa chakudya ndi kupembedza. Akuti ndi chizindikiro cha ubale ndi ulemu.

Zonsezi mphwanga ankazidziwa. Chimene sanalembe ndi chakuti Mbiti akulankhula za Africa yense m'buku limodzi, potola zolemba za ena zokhudza mitundu yambirimbiri, ndipo mfundo yake ya mmene Aafirika amaonera nthawi anaitsamiritsa kwambiri pa aneni a Chikamba ndi Chikikuyu. Sanalembenso kuti wansembe amene akuteteza anthu ake kwa amishoni owanena kuti ndi opembedza mafano ali ndi chifukwa chokondera mawu oti "kulemekeza". Si bodza limenelo ayi, koma ndi mbali imene iye waima. Okot p'Bitek wa ku Uganda, m'buku lake African Religions in Western Scholarship la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anadzudzula Mbiti pamodzi ndi E. Bolaji Idowu wa ku Nigeria, yemwenso anali mbusa, kuti akuveka zikhulupiriro za Aafirika maganizo achikhristu ndi a Agiriki pofuna kuti azungu aziyamikire. Ndemanga ya Mbiti yopanda dzina la p'Bitek ili ngati mlandu umene mfumu yamva mbali imodzi n'kugamula.

Choncho chinthu choyamba chimene tinawonjezera pa ndemanga iliyonse ndi ichi: wolembayu ndani, anaima pati? Herbert Spencer, amene mu 1876 analemba kuti kupembedza makolo ndiwo muzu wa zipembedzo zonse, sanakhalepo m'mudzi kuti aone nsembe. Ankadalira zolemba za apaulendo ndi amishoni. Jomo Kenyatta, m'buku la Facing Mount Kenya la 1938, analimbikira kuti Akikuyu amapembedza Ngai yekha ndipo ndi makolo amangoyanjana nawo, koma ankalemba ali mkati molimbana ndi atsamunda amene ankanyoza mtundu wake. Onse awiri ali ndi malo pa mndandanda. Wowerenga angofunika kuuzidwa kuti wina ankaonera patali, wina ankaimirira anthu a kwawo pabwalo.

Pamene tinakhalitsa kwambiri ndi pa nkhani zitatu zimene zimayankhana ngati anthu okangana pabwalo la milandu.

Woyamba ndi Meyer Fortes, amene anakhala pakati pa Atallensi a kumpoto kwa Ghana m'zaka za m'ma 1930. Iye anati imfa payokha siipanga munthu kukhala kholo lolandira nsembe. Pafunika kuti wakufayo akhale ndi dzina lokumbukika ndi zidzukulu zamoyo zimene zili pansi pa ulamuliro wake. Kwa Fortes, chimene chimapulumuka imfa si khalidwe la munthu, kaya anali wokoma mtima kaya wankhanza, koma mphamvu zake monga mutu wa banja. Atallensi amatsata mzere wa bambo, ndipo mwana wamwamuna woyamba amakhala ndi zoletsa zambiri bambo ake ali moyo: savala zovala zawo, sasuzumira m'nkhokwe yawo. Bambowo akamwalira, mwana yemweyo ndiye amawapatsa nsembe. Ulamuliro wa bambo sunathe. Wangosamukira ku kachisi.

Wachiwiri ndi Igor Kopytoff, amene anafufuza pakati pa Asuku a kum'mwera chakumadzulo kwa Congo. Mu 1971 analemba nkhani yaifupi m'magazini ya akatswiri yotchedwa Africa, ndipo inagwedeza anthu. Anati Asuku alibe mawu apadera otanthauza makolo akufa. Mawu awo ndi "bambuta", kutanthauza akuluakulu, ndipo amagwira ntchito pa akuluakulu amoyo ndi akufa omwe. Akapita kumanda kapena pamphambano ndi vinyo wa kanjedza ndi zakudya, amalankhula ndi akufawo monga mmene amalankhulira ndi mkulu wamoyo: amadandaula, amakumbutsa, nthawi zina amakalipa ndithu. Kopytoff anati malire enieni kwa Asuku sali pakati pa amoyo ndi akufa koma pakati pa akulu ndi ang'ono. Choncho mawu oti kupembedza ndi oti chipembedzo cha makolo akusokeretsa, chifukwa akuchokera ku maganizo a azungu amene amaika khoma lalitali pakati pa moyo ndi imfa.

Wachitatu ndi James Brain, amene ankadziwa Aluguru a ku Tanzania. Mu 1973, m'magazini yomweyo, anamuyankha Kopytoff kuti wathamanga. Zinenero zambiri za Chibantu zili ndi mawu apadera a mizimu ya akufa, ochokera ku tsinde lomwe latipatsa ife mawu oti "mzimu", ndipo anthu amadziwa bwino kuti mkulu wamoyo ndi mzimu si chinthu chimodzi, ndiponso kuti mphamvu zawo n'zosiyana.

Nditafika apa ndinamufunsa mphwanga kuti Chichewa chikuti chiyani pa mlandu umenewu. Poyamba sanamve funsolo, chifukwa m'maganizo mwake kafukufuku anali wa m'Chingerezi ndipo Chichewa chinali cha kunyumba.

"Ukati makolo anga, ukunena ndani?"

"Amayi ndi abambo."

"Nanga tikati mwambo wa makolo athu?"

Anakhala chete pang'ono. "Amenewo ndi akale, oti anafa kalekale."

Mawu amodzi omwewo, amoyo ndi akufa. Pamenepo Kopytoff akanawomba m'manja. Koma kenako ndinamufunsa ngati angayerekeze kutchula agogo ake, amene pa nthawiyo anali kuseri akusenda mawungu, kuti mzimu. Anati angamuthamangitse ndi mthiko. Ndiye kuti Brain nayenso ali ndi mfundo: "mizimu" ndi ya akufa okha. Ndipo tikafuna kunena bwinobwino timaphatikiza onse awiri, mizimu ya makolo. Chinenero chathu chasunga mbali zonse ziwiri za mkangano umene akatswiri anautaya nthawi akuulimbana. Nawo mawu oti "kupembedza" ali ndi nkhope ziwiri. Kutchalitchi amatanthauza kugwadira Mulungu, koma mayi amapembedzanso mwana wolira kuti atonthole, ndipo wodwala wokana phala timamupembedzera kuti adye. Munthu wa kumudzi akati tikupembedza mizimu, akunena kugwadira kapena kunyengerera okwiya kuti mtima ukhale pansi? Womasulira akasankha liwu limodzi la Chingerezi, wagamula kale mlandu wowerenga asanaumve.

N'chifukwa chake ndimaumirira kuti pa mutu uwu ndemanga iliyonse itchule mawu a chinenero cha eni ake amene wolemba akumasulira, ndi liwu limene wasankha pomasulirapo. Ngati wolembayo sanapereke mawu a eni ake n'komwe, zimenezonso zilembedwe, chifukwa ndi chilema.

Tinalembanso ndemanga ya Kopytoff limodzi. Mzere wapamwamba ndi wa adiresi ya nkhaniyo, kuti wina aliyense akaipeze: Kopytoff, Igor. 1971. "Ancestors as Elders in Africa." Africa 41 (2): 129–142. Apa pali dzina, chaka, mutu, magazini, voliyumu, nambala ndi masamba. Kaikidwe ka mipumiro kamasiyana malinga ndi dongosolo limene sukulu yasankha, ndipo chofunika n'kutsata dongosolo limodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. M'munsi mwake, ndikamasulira m'Chichewa zimene tinalemba, munali izi:

"Kopytoff akutsutsa kuti mu Africa muli chipembedzo cha makolo monga chinthu choima pachokha. Umboni wake waukulu ndi wa Asuku a ku Congo, amene amatsata mzere wa mayi ndipo amatchula akulu amoyo ndi akufa ndi liwu limodzi, bambuta. Akuti ulemu ndi mantha amene akufa amalandira ndi omwewo amene mkulu wamoyo amalandira. Akuvomereza mfundo ya Fortes yoti nkhani yagona pa ulamuliro wa m'banja, koma akukana mawu oti kupembedza. Mphamvu ya nkhaniyi ili pa kutchera khutu ku chinenero. Kufooka kwake n'koti akuyambira pa mtundu umodzi n'kufikira Africa yense. Onani yankho la Brain la 1973. M'Chichewa, liwu loti makolo likumuvomereza, loti mizimu likumutsutsa. Ndidzaigwiritsa ntchito m'mutu woyamba, pofotokoza chifukwa chimene ndasankhira mawu oti kulemekeza, ndiponso pokonza mafunso a kumudzi."

Mukaiphimba mutu, simungaisokoneze ndi ina. Onaninso kuti ziganizo zoyambirira ndi za Kopytoff, zapakati ndi chiweruzo cha wophunzira, chomaliza ndi ntchito. Wowerenga ayenera kuona pamene wolemba buku wathera ndi pamene wophunzira wayambira. Zikasakanikirana, pakapita miyezi itatu mwini wakeyo sadziwanso kuti ganizo ili linali lake kapena la m'buku, ndipo ena agwidwa ndi mlandu wokopera m'njira imeneyi asakufuna.

Ndemanga ya Fortes inafuna chiganizo chimodzi chowonjezera chimene wophunzira wa ku Ghana sangachifune koma wa kuno sangachisiye. Zonse za Fortes zaima pa bambo ndi mwana wake wamwamuna. Kwa Achewa mwini mbumba ndi malume, ndipo munthu amawerengedwa ku mtundu wa mayi ake. Ndinamukumbutsa mphwanga kuti sanapite kwa bambo ake ndi mapepala aja, anabwera kwa ine. Ukatenga Fortes wathunthu n'kumuika pa mudzi wa ku Dedza kapena ku Kasungu, uzifunafuna mwana woyamba wopereka nsembe kwa bambo ake, pamene amene akutsogolera mwambo ndi wa kuchikazi. Pa chifukwa chimenechi tinawonjezera Elizabeth Colson, amene analemba za mizimu pakati pa Atonga a kum'mwera kwa Zambia, anthu otsata mzere wa mayi ngati ife, m'buku lake la 1962. Iye akutiyandikira kuposa Fortes, ngakhale kuti Atonga si Achewa, ndipo ndemanga iyenera kunena zimenezonso.

Pali msampha wina wa zaka umene umagwira ophunzira ambiri. Chaka cholembedwa pa buku ndi chaka chimene linasindikizidwa, osati chimene wolemba anali m'mudzi. Buku la J.W.M. van Breugel, Chewa Traditional Religion, linatuluka mu 2001 m'gulu la mabuku a Kachere ku Zomba, ndipo pa mabuku onse a mndandanda wa mphwanga ndi limene likukamba mwachindunji za mizimu ya Achewa, maliro, nsembe ndi nyau. Koma kafukufuku wake, wansembe wa Katolika ameneyu anamuchita m'zaka za m'ma 1970. Mphwanga anali atalemba kuti bukuli likuonetsa zimene Achewa amachita masiku ano. Ayi. Likuonetsa zimene akuluakulu a nthawi imeneyo ankachita ndi kukumbukira. Mabuku a mtundu uwu amakonda kulemba ngati zinthu zikuchitika lero, "Achewa amathira ufa patsinde pa mtengo", ndipo wowerenga wosachenjera amakhulupirira kuti akapita mawa akapeza zomwezo. Pakati pa nthawi imeneyo ndi lero padutsa mipingo ya Chipentekoste imene imatcha mizimu ya makolo ziwanda, padutsa anthu osamukira m'tauni, pabwera ziliza za simenti ndi miyala yolembedwa zimene mabanja amasonkhanira kudzazivundukula ndi mapemphero. Kaya mwambo wa chiliza walowa m'malo mwa mowa wa bona kapena ukuyenda nawo limodzi, limenelo ndi funso labwino la kafukufuku, koma van Breugel sangaliyankhe. Choncho ndemanga iliyonse ikhale ndi zaka ziwiri: cha kusindikiza ndi cha kumudzi. Chachiwiricho chimapezeka m'mawu oyamba kapena m'mawu othokoza, masamba amene ophunzira amawalumpha.

Mabuku awiri tinawasamutsa. River of Blood la Matthew Schoffeleers, la 1992, ndi la Mbona wa ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Guns and Rain la David Lan, la 1985, ndi la mhondoro, mizimu ya mafumu akale a ku Dande m'dziko la Zimbabwe, ndi mmene olankhulira mizimuyo anagwirira ntchito ndi ankhondo omenyera ufulu. Onse ndi mabuku abwino kwambiri, koma mizimu yake si ya pabanja. Mbona sapatsidwa nsembe chifukwa choti mwana wa uje watentha thupi kapena wina walota malemu akudandaula za njala; ndi wa dera lonse, wa mvula, ndipo amene amapita kwa iye si zidzukulu zake zobadwa nazo. Mzimu wa agogo umadziwa mbumba yake yokha. Tikaika zonsezi m'dengu limodzi, kafukufuku amatupa mpaka osanyamulika. Tinawasiya pa mndandanda koma pansi pa kamutu kawo, ndi chiganizo chonena kuti alipo pofuna kuonetsa malire a mutu.

Apa mpamene mndandanda unasiya kutsata afabeti kuyambira pamwamba mpaka pansi. Tinaugawa m'magulu: okamba za Africa yense, okangana pa mawu, a mitundu yotsata mzere wa mayi, a mizimu ya dera, ndi azaumulungu achikhristu monga Charles Nyamiti wa ku Tanzania, amene mu 1984 analemba Christ as Our Ancestor pofuna kufotokoza Khristu monga kholo. Afabeti inatsalira mkati mwa gulu lililonse. Si aphunzitsi onse amalola zimenezi, choncho ndi bwino kufunsa kaye. Koma phindu lake linaoneka pompo: magulu aja anasanduka mitu ya kafukufuku, ndipo gulu lopyapyala linaonetsa pamene pakusowa. Pa olemba onse, wamkazi anali Colson yekha, pamene kumudzi ophika mowa wa nsembe ndi osunga mayina a akufa ambiri ndi amayi. Lolembedwa m'Chichewa linalibe ngakhale limodzi mpaka titawonjezera Mbiri ya Achewa la Samuel Josia Ntara, limene si buku la chipembedzo kwenikweni koma lili ndi mawu a akuluakulu amene iye anawafunsa.

Mphwanga anafunsa ngati agogo ake angalowe pa mndandanda, popeza amadziwa za bona kuposa mabuku onsewo. Angalowe, koma pa tsamba lawolawo la anthu ofunsidwa, ndi tsiku ndi malo a macheza, ndipo dzina lawo lilembedwe pokhapokha iwo atavomera. Nkhani zina, makamaka zokhudza dambwe, eni ake sangalole kuti zilembedwe n'komwe, ndipo wophunzira alibe ufulu woziba.

Anabwereranso patapita masabata atatu. Mabuku anali atatsika kuchoka pa 12 kufika pa 10, chifukwa anayi anavomera kuti sanawaonepo ndi maso, anangowapeza atatchulidwa m'mabuku ena, ndipo anawachotsa. A Colson ndi a Ntara ndiwo analowa. Buku limene sunaligwire sulilembera ndemanga. Ndinaphimbanso mitu ndi dzanja, ndipo ulendo uno anatchula zonse molondola, kupatula ziwiri za azaumulungu zimene zinkafananabe. Ndinamubweza nazo.

Ngati nanunso mwapatsidwa mutu umenewu, musayambe ndi buku lalikulu. Yambani ndi nkhani ya Kopytoff, kenako yankho la Brain, muli ndi pensulo m'manja, ndipo paliponse pamene alemba liwu la makolo kapena la kupembedza, lembani m'mphepete liwu limene agogo anu akananena. Ya Kopytoff ndi masamba 14 okha.